Foni yayankha bwinobwino koma yankho ndi labodza: gwero la vutoli ndi kafufuzidwe kake

Vutoli limabwera motere. Mwalemba funso pa Google, kapena mwadina kabwalo kaja ka Meta AI ka pa WhatsApp, ndipo yankho latuluka nthawi yomweyo, lolongosoka, lokhala ndi chaka, manambala ndi mayina a anthu. Mwalitumiza ku gulu la mpingo, kapena mwalilemba m'ntchito ya kusukulu, kapena mwaligwiritsa ntchito poweruza mkangano wa kubanja. Patapita masiku wina wodziwa nkhaniyo akukuuzani kuti si choncho. Chowawa n'chakuti pa sikirini panalibe chilichonse chokuchenjezani, chifukwa yankho lolakwa ndi lolondola amalembedwa mofanana, ndi mawu odzidalira omwewo.

Kuyambira mu Epulo 2024, pamene Meta AI inafika ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, anthu ambiri amene sanatsegulepo ChatGPT kapena Gemini ali ndi makina oyankha mafunso m'thumba, pamalo omwewo pamene amachezera ndi abale. N'chifukwa chake nkhaniyi si ya ophunzira a kuyunivesite okha. Chimene ndikufuna mugwire n'chakuti mayankho olakwa sachokera pa chifukwa chimodzi. Pali lakale, pali la dziko lina, pali lopeka, ndiponso pali lotengedwa pa tsamba losayenera. Lililonse lili ndi zizindikiro zake ndi njira yake yoligwirira, ndipo mukadziwa kuti mwakumana ndi liti, ntchito yofufuza imachepa kwambiri.

Yambani mwadziwa kuti wakuyankhani ndani

Google sadziwa choonadi. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa masamba a pa intaneti n'kuwandandalika, poona mawu amene mwalemba, kuchuluka kwa masamba ena amene amaloza ku tsambalo, malo amene muli, ndi zina zambiri. Tsamba lokhala pamwamba ndi limene makina aganiza kuti likufanana ndi funso lanu, osati limene munthu wina analiwerenga n'kuvomereza kuti lanena zoona. Ndipo amene ali ndi mawu akuti Sponsored pamwamba pake ndi otsatsa malonda, analipira kuti akhale pamenepo.

Makina a nzeru zopanga, amene pa foni amalembedwa AI, ndi mtundu wina. Anaphunzitsidwa ndi zolemba zochuluka zedi, ndipo chimene amachita ndi kulosera mawu oyenera kutsatira mawu amene alipo kale, amodziamodzi mpaka chiganizo chithe. Mkati mwake mulibe kaundula woti atsegule kuti aone ngati chaka chimene alemba n'cholondola. Pa nkhani imene inalembedwa kambirimbiri, kulosera kwawo kumagwera pa choonadi. Pa nkhani imene inalembedwa pang'ono, monga mbiri ya mfumu ya kwanu, dzina la mankhwala a zitsamba m'Chichewa kapena malamulo a khonsolo ya boma lanu, amaloserabe, koma tsopano akungodzaza mpata ndi mawu omveka bwino. Ali ngati munthu amene mwamufunsa njira pa siteji ya basi, saidziwa, koma chifukwa cha manyazi akuloza ndi dzanja lonse molimba mtima. Ife olankhula Chichewa vutoli limatigwera kwambiri, popeza zolembedwa m'chinenero chathu ndi za madera athu pa intaneti n'zochepa poyerekeza ndi za Chingerezi.

Masiku ano awiriwa anasakanikirana. Pamwamba pa zotsatira za Google nthawi zina pamabwera bokosi lolembedwa AI Overview, limene ndi chidule cholembedwa ndi makina kuchokera m'masamba amene apezeka. Mukaliona, dziwani kuti mavuto a mbali zonse ziwiri angakhalemo.

Yankho linali loona, koma zaka zapitazo

Ili ndilo vuto lofala kuposa onse, ndipo ndilo lovuta kuligwira chifukwa limabwera ndi umboni wooneka wamphamvu. Tiyeni tilione pa funso limene limafunsidwa ndithu m'midzi ndi m'makomiti a sukulu: kodi ku Malawi mtsikana wa zaka 16 angakwatiwe ngati makolo ake avomera?

Mukafufuza, mutha kupeza masamba onena zinthu zitatu zosiyana, ndipo lililonse linali lolondola pa nthawi yake. Malamulo aakulu a dziko a mu 1994, pa gawo 22, ankalola munthu wa zaka zapakati pa 15 ndi 18 kulowa m'banja ngati makolo kapena omulera avomereza. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maukwati lotchedwa Marriage, Divorce and Family Relations Act, limene pa gawo 14 linaika zaka 18. Koma mawu akale aja a m'malamulo aakulu anali akadalipo, ndipo malamulo aakulu ndi amene amaposa lamulo lina lililonse. Choncho zolemba za mu 2015 ndi 2016 zimanena kuti zaka ndi 18 koma pali mpata wa chilolezo cha makolo. Mpatawo unatsekedwa mu Febuluwale 2017, pamene aphungu anasintha malamulo aakuluwo n'kuchotsa ndime yolola ana a zaka 15 mpaka 18 kukwatira kapena kukwatiwa. Lero yankho ndi lakuti ayi, ngakhale makolo atalola.

Tsopano taonani mmene munthu wosamala angasocherere. Wapeza fayilo ya malamulo aakulu a dziko, yooneka ya boma, watsegula gawo 22, ndipo ndime ya chilolezo cha makolo ili pomwepo, yakuda pa pepala loyera. Wajambula sikirini n'kutumiza ku gulu monga umboni wosatsutsika. Sananame, koma fayilo imene wagwira ndi ya chaka cha 2017 chisanafike, ndipo mafayilo akale oterewa samafufutidwa pa intaneti. Makina oyankha nawonso anaphunzira kuchokera m'zolemba za nthawi zonse zitatu, motero atha kusakaniza lamulo lakale ndi latsopano m'ndime imodzi.

Choyamba kuchita ndi kufunafuna deti. Pa nkhani ya m'nyuzipepala limakhala pansi pa mutu. Pa fayilo ya lamulo pitani pa tsamba loyamba kapena lachiwiri muone ngati pali mawu monga amended kapena rev. otsatiridwa ndi chaka. Chaka chimene chimalembedwa pansi penipeni pa webusayiti pafupi ndi chizindikiro cha © musachikhulupirire, chifukwa m'mawebusayiti ambiri chimasintha chokha chaka chilichonse pamene nkhaniyo ndi yakalekale. Tsamba lopanda deti lililonse liikeni pambali.

Chachiwiri, muuzeni Google kuti akupatseni zolembedwa pambuyo pa tsiku limene mwasankha:

```
Malawi marriage age constitution after:2017-01-01
```

Mudzaona kuti zotsatira zasintha, ndipo nkhani za kusintha kwa malamulo zabwera pamwamba. Njira ina yachidule ndi kuwonjezera mawu akuti amendment kapena repealed pa dzina la lamulo limene mukulikayikira. Ndikudziwa kuti n'zosakondweretsa kuti funso la kwathu tilifufuze m'Chingerezi, koma malamulo athu amasindikizidwa m'Chingerezi, ndipo kufufuza m'Chichewa chokha kumabweretsa masamba ochepa kwambiri.

Chachitatu, pitani kumene lamulolo limasungidwa m'malo mowerenga zimene ena anena za ilo:

```
site:malawilii.org Marriage Divorce and Family Relations Act
```

Mawu akuti site: amatsekera kufufuza m'webusayiti imodzi yokha. Musaike mpata pakati pa madontho awiriwo ndi dzina la webusayiti, apo ayi sizigwira.

Matenda omwewa a yankho lakale amapezeka kulikonse kumene zinthu zimasintha. Dziko la Malawi linasiya kolorokwini ngati mankhwala oyamba a malungo mu 1993 n'kuyamba fansida, kenako mu 2007 linasiya fansida n'kuyamba LA. Tsamba lolangiza fansida kwa munthu amene wadwala malungo lero likunena zimene zinali zoona kale, ndipo likhoza kupha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700, kutanthauza kuti mtengo uliwonse wolembedwa mwezi umodzi m'mbuyo mwake unasanduka wosocheretsa. Makina oyankha ali ndi vuto lina lowonjezera apa: maphunziro awo anaima pa tsiku lina, ndipo ngati sanalumikizidwe ku intaneti pa nthawi imene akuyankha, zonse zochitika pambuyo pa tsikulo sazidziwa, komabe amayankha ngati akunena za lero. Pa mitengo, fizi, masiku a mayeso, misonkho ndi mayina a anthu amene ali pa maudindo, yambani ndi kuganiza kuti yankho ndi lakale kufikira mutaona deti.

Yankho ndi loona, koma kwa eni ake kwina

Ili ndi losavuta. Kwacha ilipo ya Malawi ndi ya Zambia, ndipo mphamvu zake n'zotalikirana kwambiri. Mukangolemba kwacha, makina asankha okha. Lembani MWK ya Malawi kapena ZMW ya Zambia. Blantyre aliponso ku Scotland, kumene kunabadwira David Livingstone, choncho nyengo yozizira modabwitsa imene mwaiona ikhoza kukhala ya kumeneko. Choopsa kwambiri ndi malangizo a ulimi, a malamulo a ntchito ndi a mankhwala, chifukwa zolemba zambiri za pa intaneti n'za ku America ndi ku Ulaya. Mukaona yankho likukuuzani kubzala chimanga mu Epulo kapena Meyi, likutchula madola, kapena likutchula maofesi amene simunawamvepo, dziwani kuti likulankhula ndi mlimi wa kumpoto kwa dziko lapansi. Ikani dzina la dziko, ngakhale la boma lanu, m'funso lililonse. Abale okhala ku Joni kapena ku Mangalande akumbukire kuti foni imaona kumene ili, ndiye funso la malamulo a kumudzi likhoza kuyankhidwa ndi malamulo a kumene akukhalako.

Yankho lopeka, lokhala ndi umboni wopekanso

Mu 2023, ku New York, maloya ena anapereka kukhothi chikalata pa mlandu wotchedwa Mata v. Avianca, wa munthu amene ankasumira kampani ya ndege. M'chikalatamo munali milandu isanu ndi umodzi yakale yoikira kumbuyo mfundo zawo, uliwonse ndi dzina lake, chaka, nambala ndi mawu a oweruza. Maloya a mbali inayo ataifunafuna sanaipeze, ndipo khothi nalonso silinaipeze, chifukwa milanduyo sinachitikepo. Inapekedwa ndi ChatGPT. Woweruza P. Kevin Castel anawalipiritsa chindapusa cha madola 5,000 mu Juni chaka chomwecho. Zofanana nazo zinachitikanso kufupi nafe, ku khothi lalikulu la ku Pietermaritzburg ku South Africa, kumene chigamulo cha mu Januwale 2025 chinadzudzula maloya amene anatchula milandu yosapezeka.

Pa nkhani ya ku New York pali chinthu chimodzi chofunika kuchiona bwino. Mmodzi mwa maloya aja anakayikira ndithu, koma chitsimikizo anakachifuna kwa makina omwewo amene anapeka milanduyo, ndipo chimene anapeza chinali bodza lachiwiri pamwamba pa loyamba. Makina amene apeka chinthu sangakhale mboni ya chinthucho. Kufufuza kuyenera kuchitikira kunja kwake.

Zizindikiro za yankho lopeka n'zosayembekezereka, chifukwa limakonda kukhala latsatanetsatane kuposa loona. Chenjerani ndi dzina la buku kapena kafukufuku lokhala ndi wolemba ndi chaka pa nkhani imene mukudziwa kuti ndi ochepa analembapo, mawu ogwidwa a munthu wotchuka osatchula kumene anawalankhulira, ndi nambala yeniyeni yokhala ndi timadontho koma yopanda mwini. Kuyesa kwake ndi kwa mphindi imodzi. Koperani dzina la bukulo kapena chiganizocho, muchiike pakati pa zizindikiro zogwira mawu, n'kufufuza:

```
"Varghese v. China Southern Airlines"
```

Limeneli ndi limodzi mwa mayina opeka a pa mlandu uja, ndipo mukalifufuza mupeza nkhani zofotokoza za bodzalo, osati chigamulo chenicheni. Zizindikiro zogwira mawuzo zimakakamiza Google kufuna mawuwo ndendende mmene mwawalembera. Buku lenileni limapezeka kwa osindikiza, m'kaundula wa laibulale kapena m'zolemba za anthu ena olitchula. Ngati palibe paliponse, musalilembe m'ntchito yanu.

Yankho likabwera ndi linki, idineni. Ambiri amangoona kuti linki ilipo n'kukhutira. Nthawi zina siitseguka, ndipo nthawi zina imatseguka koma tsambalo silinena zimene mwauzidwa. Pa kompyuta dinani Ctrl ndi F pamodzi, pa foni sankhani Find in page m'timadontho titatu ta Chrome, mulembe nambala kapena dzina limene mukulifuna. Likapezeka, werengani chiganizo cha patsogolo pake ndi cha pambuyo pake, chifukwa nambala ikhoza kukhala yolondola koma ya chaka china kapena ya boma limodzi osati dziko lonse.

Pali kuyesa kwina kothandiza. Funso lomwelo likalembedwa kawiri kapena katatu m'macheza atsopano osiyana, chimene makina akuchidziwadi chimabwera chofanana, pamene chopeka chimakonda kusintha: chaka china apa, dzina lina apo. Kusinthako ndi umboni wokwanira woti mulitaye. Koma kufanana si umboni woti ndi zoona, chifukwa bodza lofala pa intaneti limabwerezedwa mosasintha. Samalaninso kafunsidwe. Funso lokhala ndi yankho m'kati mwake, monga lofuna chifukwa chimene masamba akutiakuti amachiritsira shuga, limakokera makina kuti avomere n'kupanga zifukwa, popeza anapangidwa kuti azikondweretsa wofunsa. Pa Google n'chimodzimodzi, mumapeza masamba a anthu amene analemba mawu omwewo. Funsani ngati chinthucho n'choona musanafunse chifukwa chake.

Tsamba lilipo, koma silinali loti n'kulikhulupirira

Mu Meyi 2024, AI Overview itangoyamba ku America, inalangiza anthu kuthira guluu mu pitsa kuti tchizi asasereseke. Malangizowo anachokera pa nthabwala imene munthu wina analemba pa webusayiti yochezera ya Reddit zaka zoposa khumi m'mbuyomo. Inanenanso kuti ndi bwino kudya kamwala kamodzi tsiku lililonse, zochokera ku The Onion, webusayiti ya nkhani zopeka zoseketsa. Apa makina sanapeke kanthu. Anawerenga tsamba lenileni koma sanazindikire kuti wolembayo akuseka. Za guluu aliyense atha kuziona kuti n'zopusa, koma kulakwitsa komweko kukachitika pa mlingo wa mankhwala ophera mbozi m'chimanga, palibe chimene chingakudabwitseni.

Ndiye musanawerenge tsamba mpaka pansi, dziwani mwini wake. Pafupi ndi zotsatira zilizonse za Google pali timadontho titatu timene timaonetsa zambiri za gwero lake. Njira yabwino koposa ndi kutuluka pa tsambalo n'kufufuza dzina lake padera, muone zimene ena amanena za eni ake. Tsamba limadziyamikira lokha, ndipo chizindikiro cha boma kapena cha banki aliyense atha kuchikopera. Yang'anani adilesi pamwamba chilembo ndi chilembo. Mauthenga aja olonjeza bandulo yaulere kapena ntchito za m'mabungwe amagwidwa pomwepa, adilesi yake siifanana ndi ya eni dzina.

Musanyengedwenso ndi kuchuluka. Masamba khumi onena chinthu chimodzi ndi mawu ofanana si mboni khumi, ndi mboni imodzi yokoperedwa kakhumi. Tengani chiganizo chimodzi, muchifufuze m'zizindikiro zogwira mawu, mupeze tsamba limene linachilemba poyamba, ndipo mulifunse limenelo kuti linazitenga kuti. Mfundo iliyonse ili ndi mwini wake amene anaiwerengera kapena kuilengeza. Chiwerengero cha anthu ndi cha ofesi ya kalembera ya NSO ku Zomba, imene mu 2018 inapeza anthu 17,563,749, ndipo manambala okulirapo amene mumawaona a zaka zotsatira ndi ongoyerekeza, osati owerenga khomo ndi khomo. Mtengo wovomerezeka wa ndalama zakunja ndi wa Reserve Bank of Malawi, zotsatira za zisankho ndi za MEC, za mayeso ndi za MANEB. Mukafika kwa mwiniyo mwafika pothera.

Zithunzi nazo zili ndi eni ndi madeti. Kukagwa tsoka, monga namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, zithunzi za madzi osefukira a zaka zina ndi mayiko ena zimayamba kuzungulira m'magulu. Sungani chithunzicho, muchitsegule ndi Google Lens kapena TinEye, muone kumene chinaonekapo kale. Mukachipeza pa tsamba la chaka cham'mbuyo, nkhani yatha.

Pamene intaneti siingakuthandizeni

Kufufuza konseku kumadya bandulo ndi nthawi, ndipo si funso lililonse limene likufunika zonsezi. Kalembedwe ka liwu kapena chaka chimene timu inatenga chikho, mukalakwitsa mungokonza. Khama lanu lisungireni mayankho amene mukufuna kumwera mankhwala, kutumizira ndalama, kusainira pepala, kuthira m'munda kapena kunenera munthu mlandu.

Pa zimenezi palinso malire amene njira zonse ndatchulazi sizingawadumphe. Zambiri za kwathu sizinaikidwe pa intaneti, kapena zinaikidwa mochedwa, ndipo mawebusayiti ena a maofesi amakhala miyezi osasinthidwa. Mukafufuza n'kupeza masamba otsutsana opanda deti, kapena osapeza kanthu, musabwerere ku yankho losalala lija chifukwa choti ndi lokhalo limene lilipo. Mlingo wa LA umatengera kulemera kwa wodwala ndipo umaperekedwa munthu atayezedwa magazi, choncho funso limenelo ndi la kuchipatala kapena la Chipatala Cha Pa Foni. Mlingo wa mankhwala a m'munda uli pa lebulo ya botolo limene mwagula, ndipo mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu amadziwa nthaka ndi mvula ya kwanuko. Ndipo ngati funso lija la mtsikana wa zaka 16 silinali longofuna kudziwa, koma pali mwana weniweni amene akukonzeredwa ukwati, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu.